Dipoziti ya K150,000: Mmene mapepala anathetsera mkangano wa anthu oyandikana

Bambo wina ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre, anakhala zaka ziwiri m'nyumba ya lendi ya kuseri kwa mayi eninyumba. Polowa anapereka dipoziti ya K150,000, yofanana ndi lendi ya mwezi umodzi. Atasamuka sanapite patali, anangodumpha msewu. Choncho m'mawa uliwonse ankaonana ndi mayiwo, koma moni unali utatha chifukwa cha ndalama ija.

Mayiwo ankati palibe chobweza. Anawerengera penti K90,000, magalasi awiri a mawindo K24,000, loko wa chitseko K18,000 ndi bilu ya madzi K26,000. Zonse zinakwana K158,000, kutanthauza kuti bamboyo ndiye anali ndi ngongole ya K8,000. Iye naye anaumirira kuti nyumba anaisiya mmene anaipezera, ndipo ankafuna ndalama yake yonse.

Nkhani itafika kwa mfumu ya m'deralo, funso linali limodzi: "Kodi tsiku lolowa munalembapo kanthu?" Mwamwayi analemba. Linali pepala lothothola m'kope, lokhala ndi mndandanda wa zonse za m'nyumbamo, chipinda ndi chipinda, ndipo onse awiri anasainapo. Mfumu inati aliwerenge mokweza, kenako aliyense atulutse malisiti ake.

Penti ndiye anatenga nthawi, pakuti m'pamene panali ndalama zambiri. Pepala linati: "Pabalaza, penti wakale, wayamba kusupuka pafupi ndi windo." Mayiwo anati, "Komatu achimwene, khoma lada kuposa kale." Zinali zoona. Koma pali kusiyana pakati pa chinthu kutha chifukwa chogwiritsidwa ntchito ndi chinthu kuwonongedwa. Penti kufwifwa, simenti ya pansi kuperepeseka pakhomo, mpopi kuyamba kudontha chifukwa labala yatha, zimenezi zimachitika ngakhale m'nyumba mukhale munthu wosamala chotani, ndipo lendi ya mwezi ndi mwezi ndiyo imalipirira. Dipoziti ndi ya zinthu monga khoma lomwe ana alembalemba ndi makala, mwaye wa mbaula yoyatsira m'chipinda, kapena mabowo a misomali osatseka. Atapita kukaona khomalo sanapeze chilichonse chotere. K90,000 ija inachotsedwa yonse. Ine ndikuona kuti apa m'pamene alendi ambiri amaponderezedwa: eninyumba amafuna kukonzera mlendi watsopano nyumba yowala pogwiritsa ntchito ndalama ya amene watuluka.

Pa magalasi zinayenda msanga. Lisiti ya kusitolo inalidi ya magalasi awiri, koma mndandanda unasonyeza kuti la kuchipinda chogona linali long'aluka kale. Bamboyo anavomera la kukhitchini, lomwe mwana wake anaswa ndi mpira: K12,000.

Pa loko, pepala lomwelo linamutembenukira. Linati analandira makiyi atatu, pomwe iye anabweza awiri. Anadandaula kuti kudulitsa kiyi wina n'kotchipa. Mayiwo anayankha kuti kiyi wosowa sadziwika ali m'manja mwa ndani, ndiye sangalowetse munthu wina loko asanasinthidwe. Lisiti ya K18,000 inalipo, ya deti lotsatira tsiku limene anasamuka. Bamboyo anangoti, "Chabwino amayi, pamenepo ndagonja."

Bilu ya madzi inali yeniyeni, koma inasindikizidwa bamboyo asanalipire K20,000 kudzera pafoni. Uthenga wotsimikiza unali udakali m'foni mwake, wokhala ndi deti komanso nambala ya akaunti ya madzi ya nyumbayo. Mayiwo sanadziwe za malipirowo, sikuti ankanama. Inatsala K6,000.

Bamboyo anatulutsanso lisiti ya K8,000 ya mpopi watsopano womwe anaikitsa kubafa, nati amubwezere. Apa anagwa. Lisiti imangosonyeza kuti munthu anagula chinthu, siisonyeza kuti eninyumba analola. Iye sanawauze mayiwo, sanalembe ngakhale uthenga pafoni, ndipo mpopi wakale anautaya, moti panalibe woti n'kuona ngati unalidi wowonongeka.

Pomaliza anachotsa K36,000, ndipo mayiwo anabweza K114,000 pamaso pa mfumu. Analemberana kapepala kena kosonyeza kuti nkhani yatha, aliyense n'kutenga kake.

Mndandanda wawo unali ndi mbali zofooka. Sanalembe nambala ya pamita ya madzi tsiku lolowa ndi lotuluka, ndipo pakanakhala ngongole ya mlendi wakale kukanavuta kuilekanitsa. Sanayenderenso nyumba limodzi tsiku lobweza makiyi, chomwe chikanathetsa nkhaniyi tsiku lomwelo.

Inu amene mukulowa m'nyumba ya lendi mwezi uno, musanatsitse katundu yendani ndi eninyumba chipinda chilichonse. Lembani chong'aluka, chodontha ndi chiwerengero cha makiyi, jambulani mita ndi makoma pafoni, musainirane makope awiri, ndipo dipoziti ikhale ndi lisiti yakeyake yolembedwa kuti ndi dipoziti, osati lendi.