Kubwezeretsa Mauthenga a WhatsApp Kukaimira Panjira

Pa foni ya Android, WhatsApp imasunga kope la mauthenga ku Google Drive. Akaunti yosungirako, nthawi yosunga, komanso ngati mavidiyo alowemo, zonsezi zimasankhidwa pa Chat backup. Mwini foni akayatsa End-to-end encrypted backup, kopelo limatsekedwa ndi pasiwedi kapena kiyi wa zizindikiro 64. Akaiwala pasiwediyo, foni yakale itasowanso, ngakhale a WhatsApp sangalitsegule.

Pobwezeretsa pa foni yatsopano, nambala ndi akaunti ya Google ziyenera kukhala zomwe zija. Mauthenga amayamba kubwera, zithunzi ndi mavidiyo zimatsatira pambuyo. N'chifukwa chake macheza amatha kuoneka koma zithunzi kulibe. Ntchitoyi imaimira panjira intaneti ikaduka, batire ikatha, kapena malo m'foni akachepa: kope la magigabaiti 3 silingakwane pamene patsala 2 okha.