Vivid, Standard, Cinema ndi Game: kusankha maonekedwe a zithunzi pa wailesi yakanema

M'sitolo yogulitsa mawailesi akanema, onse amene ali pakhoma amakhala akupikisana. Magetsi a m'sitolomo ndi owala kwambiri, ndipo wogula amangoponya maso kamphindi kochepa. Opanga amadziwa kuti diso limathamangira chowala ndi chamitundu yolimba, choncho amatchera makinawo kuti awale mpaka pomaliza. Vuto limabwera kunyumba madzulo, pabalaza pamene pali babu limodzi lokha: maso ayamba kuwawa, nkhope za anthu zikuoneka ngati zapakidwa mafuta, udzu wa pabwalo la mpira wabiriwira mopitirira udzu uliwonse umene munauonapo.

Chimene chimasintha zonsezi chili pa rimoti. Mukalowa mu Settings, kenako Picture, mupeza Picture Mode. Dzina lililonse pamenepo ndi mtolo wa zinthu zotcheredwa kale: mphamvu ya nyali ya kuseri kwa sikirini, kulimba kwa mitundu, mtundu wa kuyera, ndi ntchito imene kakompyuta ka m'kati kamachita pa chithunzi chisanafike m'maso mwanu.

Tiyambe ndi Vivid, amene pa Samsung amalembedwa kuti Dynamic. Uyu ndiye wa m'sitolo uja. Amakweza nyali, amathira mitundu yambiri, ndipo amasandutsa kuyera kuti kupendekere ku buluu, chifukwa kuyera kotero kumanyenga diso kuti n'kowala koposa. Amakwezanso Sharpness, amene saonjezera chilichonse chimene kamera sinajambule. Amangojambula kamzere koyera m'mphepete mwa zinthu. Yang'anitsitsani zilembo za nkhani zoyenda pansi pa sikirini kapena phewa la munthu wovala jekete lakuda, mukaona kamzereko. Choipa kwambiri n'chakuti Vivid amadetsa zakuda ndi kuyeretsa zoyera mpaka zapakati zimasowa. Kwa ife akhungu lakuda izi si zazing'ono: munthu akaima pamthunzi m'filimu, nkhope yake imasanduka chigamba chakuda, kungotsala mano ndi maso. Malo ake a Vivid alipo ndithu, koma ndi ochepa: pakhonde masana, kapena m'nyumba yoonetsera mpira imene dzuwa likulowa pakhomo ndipo anthu akhala kutali.

Standard ndi wapakatikati, ndipo mawailesi ambiri amayambira pamenepa mukasankha Home Mode tsiku loyamba. Kuyera kwake kumakhalabe ndi kabuluu pang'ono, koma mitundu siifuula. Ndi wabwino pa nkhani, pa zokambirana ndi pa mpira wa masana. Chenjezo ndi limodzi: nthawi zambiri amabwera ndi zosungira magetsi zitayatsidwa, moti chithunzi chimawala ndi kuzilala chokha malinga ndi kuwala kwa m'chipinda. Mukaona zimenezi musathamangire kwa wokonza. Fufuzani Eco kapena Energy Saving. Amene mumadalira sola ndi batire mwina mungakonde kuzisiya choncho, poti nyali ya kuseri ija ndiyo imadya magetsi ambiri pa wailesi za LED.

Pa Cinema, amene Samsung amamutcha Movie, ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi amene anthu amamukana msanga pomwe ndiye woona. Okonza mafilimu ndi mapulogalamu a kanema amagwira ntchito pa masikirini otcheredwa pa muyezo umodzi wa kuyera wotchedwa D65, umene uli pafupifupi 6500 K. Nambalayi ikakwera, kuyera kumanka ku buluu. Ikatsika, kumanka ku chikasu. Vivid ndi Standard amakhala pamwamba pa muyezowu, pomwe Cinema amayesetsa kukhala pomwepo. N'chifukwa chake mukangosintha kuchoka ku Vivid, zonse zimaoneka zachikasu ndi zofooka. Si wailesi yalakwa, ndi diso limene linazolowera buluu. Zili ngati tiyi kwa munthu wozolowera masupuni anayi a shuga: mukamuthirira imodzi amati mulibe kanthu. Lipatseni diso masiku awiri kapena atatu, kenako bwererani ku Vivid. Mudzadabwa kuti munkapirira bwanji.

Palinso nkhani ya kayendedwe. Mafilimu ambiri amajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi, ndipo kayendedwe kake kamene timakadziwa ngati ka filimu kamachokera pamenepo. Wailesi zamakono zimatha kupeka zithunzi zina n'kuziika pakati kuti zinthu ziziyenda mosalala. LG amazitcha TruMotion, Sony amati Motionflow, Samsung amati Auto Motion Plus kapena Picture Clarity. Pa mpira zimathandizako, ngakhale nthawi zina mpirawo umaoneka ngati wagawika ukamathamanga. Pa filimu zimachititsa kuti ntchito ya ndalama zambiri ioneke ngati vidiyo ya paukwati. Cinema amazichepetsa, koma pa wailesi zina muyenera kuzizimitsa nokha. Okonza mafilimu anadandaula nazo kwambiri mpaka mu 2019 bungwe la UHD Alliance linalengeza Filmmaker Mode, amene amazimitsa zokometsera zoterezi n'kusunga mitundu monga anaifunira wokonza. Ngati wailesi yanu ili naye, usiku sankhani ameneyo.

Game ndi wosiyana ndi anzake onse, chifukwa nkhani yake si mitundu koma nthawi. Ntchito yonse yokometsera chithunzi ija imatenga kanthawi. Poonera filimu simungadziwe, koma posewera gemu mumadina batani n'kudikira kuti wosewera wanu amenye mpira. Gemu yotulutsa zithunzi 60 pa sekondi imapatsa chithunzi chilichonse pafupifupi mamilisekondi 17. Wailesi imene ikuchedwa ndi mamilisekondi 100, zomwe si zachilendo zokometsera zikayatsidwa, ikukuonetsani zimene zinachitika zithunzi 6 zapitazo, ndipo mnzanu wa pa intaneti wakulandani kale mpira. Game amadumpha zambiri mwa ntchito zimenezi, ndipo pa wailesi zatsopano kuchedwako kumatsikira pa mamilisekondi 10 mpaka 20. Chithunzi chikhoza kuoneka chokhakhala pang'ono, koma dzanja ndi diso zimagwirizana. Wailesi zina zimalowa zokha mu Game zikamva PlayStation 5 kapena Xbox, kudzera mu ALLM. Zakale zimafuna kuti musankhe nokha.

Tiyerekeze nyumba imene dikoda ili pa HDMI 1 ndipo makina a gemu a ana ali pa HDMI 2. Wailesi zambiri zimakumbukira zosankha za khomo lililonse palokha, choncho ntchitoyi ndi ya kamodzi. Madzulo, pa kuwala kumene mumaonera masiku onse, tsegulani HDMI 1, dikirani nkhope ya munthu ioneke pafupi, ndipo sinthani maonekedwe limodzilimodzi mukuyang'ana zinthu ziwiri: kodi khungu likuoneka ngati la munthu, ndipo kodi mapindo a chovala chakuda akuoneka? Mosakayikira muima pa Cinema. Ngati masana akuoneka wamdima, musabwerere ku Vivid. Kwezani Backlight, kapena OLED Pixel Brightness pa LG za OLED. Samalani ndi Brightness: pa wailesi zambiri, makamaka zakale, amasintha kuda kwa zakuda, ndipo mukamukweza usiku wa m'filimu umasanduka phulusa, ngakhale pa Sony ndi Samsung zatsopano dzinali limatanthauza nyali ija. Mukatha, pitani pa HDMI 2 ndi kusankha Game. Ngati mawa lake mupeza zonse zabwerera ku Vivid, kapena tizikwangwani totsatsa malonda tikutulukira pa sikirini, ndiye kuti wailesiyo idakali mu Store Mode, ena amalemba Retail Mode, ndipo muyenera kuisinthira ku Home Mode musanayambirenso.