Oda ikachedwa, kalata ifunse tsiku lenileni

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala anthu amathamangira kufolera nyumba mvula isanagwe, ndipo eni mashopu a zipangizo zomangira amalandiriratu ndalama za malata amene sanafike n'komwe. Kampani yowagulitsa ikachedwetsa katundu, wotukwanidwa ndi mwini shopu. Akaimba foni amangouzidwa kuti galimoto inyamuka sabata yamawa. Lonjezo la pafoni silisiya umboni, n'chifukwa chake pamafunika kalata.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa shopu ku Kasungu anaoda malata 200 a geji 28 ku kampani ya ku Blantyre. Analipira theka la ndalama pa 3 Okutobala, atagwirizana kuti katundu afika pa 17. Lero ndi pa 24, ndipo makasitomala anayi amene anaperekeratu ndalama akudikira malata 120.

Kalata yake iyambe ndi zimene kalaliki angazipeze msanga m'mabuku: nambala ya oda, nambala ya lisiti, mtundu wa malata ndi tsiku limene anapangana. Kenako anene zimene kuchedwako kwawononga, mopanda ukali koma mosabisa. Mtima wa kalatayo ndi pempho lokhala ndi masiku:

"Bwana, chonde tiyankheni polemba pofika Lachisanu pa 27 Okutobala, kutiuza tsiku limene malatawa atsitsidwe pashopu pathu. Ngati onse 200 palibe, tumizani kaye 120 pofika pa 31. Tsikuli likadutsa, tidzathetsa odayi ndi kupempha ndalama zathu."

Malire oterewa ali ndi ntchito. Wogula akangokhala chete tsiku loyamba litadutsa, wogulitsa angathe kunena kuti kuchedwako kunavomerezedwa. Kuika tsiku latsopano polemba, lopatsa mpata wokwanira, kumatseka khomo limeneli. Koma maola 24 sangakwanire katundu wochoka ku Blantyre, ndipo mayiyo asaopseze zothetsa oda ngati alibe kwina kokagula.

Afunsenso kumene katunduyo ali, chifukwa yankho lake ndi limene limaonetsa ngati tsiku latsopanolo lili loona. Malata amene ali kale m'nyumba yosungira katundu amangodikira galimoto, choncho kampani ingathe kupereka nambala ya galimotoyo ndi foni ya dalaivala. Koma ngati zitsulo zopangira malatawo zikadali kudoko la Beira kapena kuchipata cha Mwanza, nkhani ndi ya masabata. Yankho lopanda tsiku, longoti "posachedwapa", kawirikawiri limasonyeza kuti katunduyo kulibe.

Kalatayo ipite kwa mkulu woona zogulitsa, ndipo mayiyo asunge kope lodindidwa chidindo cha kampaniyo kapena umboni wakuti imelo inapita. Tsiku lolembedwa likabwera, ndi pamene angauze makasitomala ake nthawi yodzatenga malata, ataonjezerapo masiku awiri a zovuta za pamsewu.