Cholembera chofiira pa kapepala ka Thanzi

Ntchito yake imaoneka yochepa: mizere isanu ndi umodzi ya Chingerezi yolangiza kholo mmene lingasamalire mwana wotsekula m'mimba pomumwetsa Thanzi, madzi a mchere ndi shuga aja. Wophunzira kumasulira akapatsidwa kapepala kotere amakamaliza asanamwe n'tiyi womwe. Koma pepala lake likamabwerera kuchokera kwa mphunzitsi limakhala litafiira ngati nthaka ya katondo, ndipo wophunzirayo amadabwa, poti mawu onse adawapeza mu dikishonale.

Mphunzitsi wodziwa ntchito yake amawerenga pepala lotere kawiri, ndipo ulendo uliwonse amakhala ndi funso lake. Ulendo woyamba amaika Chingerezi kumanzere, Chichewa kumanja, n'kumafufuza ngati uthenga wafika wonse, wosachepa, wosaonjezeka, wosapotoka. Ulendo wachiwiri Chingerezicho amachivundikira, n'kuwerenga Chichewa chokha mokweza kuti amve ngati munthu angayankhule chomwecho.

Mzere woyamba wa kapepalako umalangiza kusungunula paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Liwu la Chingerezi lofotokoza madziwo, dikishonale imalimasulira kuti "oyera", ndiye wophunzira amalemba kuti "Thirani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi oyera." Chiganizocho n'chosalala, palibe angachinene kuti si Chichewa. Vuto lili m'maso mwa wowerenga. Kwa mayi wotunga pachitsime, madzi oyera ndi madzi oti mbee, opanda matope, ndipo madzi otero akhoza kukhala ndi tizilombo ta kolera. Chingerezi chija chimanena za madzi osapatsa matenda. Apa mphunzitsi sangolemba kuti "zolakwika" basi. M'mphepete mwa pepala amafunsa kuti: kodi madzi odikha a m'dambo, ooneka mpaka pansi, si oyera? Wophunzira akaliganizira funsolo amapeza yekha mawu oyenera, "madzi owiritsa kapena othira mankhwala ophera tizilombo". Chiganizo chatalika, koma mwana watetezeka.

Cholakwa chachiwiri chimabisala m'kaliwu kakang'ono kwambiri. Thanzi wosungunula sayenera kusungidwa kupitirira maola 24; wotsala amatayidwa n'kupanga wina. Wophunzira amalemba kuti "Gwiritsani ntchito kwa maola 24." Kaliwu koti "kwa" kasandutsa malire a nthawi kukhala utali wa nthawi, moti kholo lingamve kuti likamwetsa mwana tsiku limodzi ndiye kuti lamaliza, pamene mwanayo amafunika kumamwabe mpaka kutsekula kutasiya. Kukonza kwake n'kugawa mfundoyo pawiri: "Thanzi amene mwasungunula asapitirire maola 24. Wotsala mutaye, musungunule wina."

Pali njira ina yodziwika yoyesera kumasulira, yopereka Chichewacho kwa munthu amene sanaone Chingerezi choyamba kuti achibwezere m'Chingerezi. Njirayi imagwira zambiri, monga nambala yosowa kapena mzere wodumphidwa, ndipo za maola 24 zija ikhoza kuzigwira. Koma "madzi oyera" angadutse osagwidwa, chifukwa wobwezerayo adzangolemba liwu lomwe lija la Chingerezi, onse n'kuomba m'manja. Kumasulira kotsata liwu ndi liwu ndiye kumakhoza bwino mayeso amenewa, ndipo n'chifukwa chake mphunzitsi sawadalira okha.

Ulendo wachiwiri uja ndi umene umaseketsa kalasi. Mwana akasanza, malangizo amati kholo lidikire mphindi 10 kenaka lipitirize kumumwetsa mosathamanga. Papepala la wophunzira pamatuluka zakuti "Ngati kusanza kwachitika, mwana ayenera kupatsidwa chakumwacho ndi womusamalira pambuyo pa mphindi 10." Mawu onse ndi a Chichewa, koma mafupa ake ndi a Chingerezi. Chingerezi cha m'maofesi chimakonda kusandutsa zochita kukhala mayina ndi kukankhira wochitayo kumapeto. Namwino wa kusikelo sangatero. Iye angati, "Mwana akasanza, dikirani mphindi 10, kenaka muyambenso kumumwetsa pang'onopang'ono." Kachidutswa ka "ka" mu "akasanza" kanyamula ntchito yonse ya "ngati kwachitika", ndipo "kumwetsa" kwalowa m'malo mwa "kupatsidwa chakumwa ndi". Chichewa chili ndi zida zake zofupikitsira nkhani. Womasulira amene maso ake amatirira pa Chingerezi amaziiwala m'thumba.

Chimodzimodzinso mneni wa mankhwala. Mngerezi mankhwala "amatenga", kaya ndi mapiritsi kaya ndi amadzi. Mchewa amamwa, ndipo amene "watenga" mankhwala ndi uja wangowalandira pawindo la kuchipatala.

Kenaka pali ulemu. Chingerezi chili ndi liwu limodzi loyankhulira mwana, mfumu kapena gulu, pamene Chichewa chimakakamiza munthu kusankha pakati pa "iwe" ndi "inu". Wophunzira akalemba kuti "thira" ndi "taya", kapepalako kamamveka ngati kakukalipira mayi wa mwanayo. Ena amayamba ndi "thirani" n'kumaliza ndi "usaiwale", kusintha ulemu pakati panjira. Za kuchimbudzi nazo zili ndi kanenedwe kake. Liwu lolunjika lilipo, aliyense amalidziwa, koma papepala lowerengedwa pagulu anthu amati "mwana akachita chimbudzi chamadzimadzi". Mphunzitsi wabwino amachenjezanso za kupyola muyezo: ulemu ukachuluka mpaka kulemba kuti "mwana akadzithandiza", mfundo ya madzimadzi ija yatayika, ndipo cholakwacho chabwerera ku funso loyamba la uthenga.

Zimene zimavuta wochonga n'kusiyanitsa cholakwa ndi kukonda kwake. Wina alemba "kutsekula", wina "kutsegula". Wina "anamwa", wina "adamwa". Kuchotsera munthu malikisi pa zoterezi n'kumulanga chifukwa cha kwawo. Pa kalembedwe pali poyambira: malamulo amene bungwe loona za Chichewa, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990. Ntchito ya bungwelo idapita ku likulu lofufuza za ziyankhulo la Yunivesite ya Malawi ku Zomba mu 1996. Koma malamulo a kalembedwe sauza munthu liwu loti asankhe. Chimene mphunzitsi angafune n'chakuti wophunzira akasankha njira imodzi aitsate mpaka kumapeto, ndiponso adziwe amene akuwalembera, poti kapepala kopita ku Chipata sikangafanane m'zonse ndi kopita ku Mulanje.

Pogawa malikisi, zolakwa sizilemera mofanana. Chiganizo cholimba ngati chikwanje chimatopetsa wowerenga, komabe mwana amwa Thanzi wake. "Madzi oyera" ndi "kwa maola 24" zikhoza kumudwalitsa. Choncho ndemanga imayamba ndi ziwirizo, n'kufotokoza chimene kholo lingachite litawerenga mawuwo, ndipo zamamvekedwe zimabwera pambuyo, ndi chitsanzo chimodzi kapena ziwiri zokonzedwa, zotsalazo wophunzira akalimbane nazo yekha. Mphunzitsi akalembanso pepala lonse m'Chichewa chake, wophunzira amangokopera osaphunzirapo kanthu.

Asanabweretse pepala lokonzedwalo, wophunzira amatumidwa kukaliwerengera munthu wosadziwa Chingerezi, kaya agogo kunyumba kaya mayi wogulitsa tomato pamsika. Sakawafunsa ngati amva, chifukwa mwaulemu adzangovomera. Akawafunse kuti madziwo akawatenga kuti, athira mapaketi angati, nanga wotsala mawa mmawa achita naye chiyani.