Kupima mtima pa mayeso a udokotala: zala zipeze, pakamwa panene

Belu likalira, wophunzira udokotala amalowa m'kachipinda momwe muli bedi, wodwala ndi woyesa atagwira pepala la malikisi. Pachitseko wawerenga lamulo lalifupi, loti apime mtima ndi kayendedwe ka magazi ka munthuyo uku akufotokoza zomwe akuchita. Nthawi yake imakhala pakati pa mphindi 5 ndi 10. Mayeso otere ophunzira amawatchula kuti osiki, ndipo njira yake anaifotokoza koyamba Ronald Harden ndi anzake ku Dundee, m'dziko la Scotland, mu 1975. Masiku ano sukulu zambiri za udokotala padziko lapansi zimayesa motero.

Ambiri amadabwa kuti kulankhulako n'kwa chiyani, poti ntchitoyo ndi ya manja ndi makutu. Chifukwa chake n'chakuti woyesa sangamve zomwe zala za wophunzira zikumva. Akaona mnyamata atagwira dzanja la wodwala, sangadziwe ngati akuwerenga kugunda kwa mtsempha kapena wangogwira pomwe mutu uli kwina. Mawu ndi amene amaonetsa zomwe zili m'mutu. Choncho sitepe iliyonse imafuna zinthu ziwiri zokha: chomwe ndikufunafuna, ndi chomwe ndapeza.

Tiyerekeze kuti pabedipo pali mayi wa zaka 28 amene amabanika akakwera chitunda. Wophunzira amasamba m'manja, kupereka moni, kunena dzina lake ndi kupempha chilolezo. "Mayi, ndikufuna ndikupimeni mtima. Ndikugwirani m'manja, m'khosi ndi pachifuwa. Mukundilola? Pali pena pamene pakupweteka?" Kwa woyesa amalankhula Chingerezi cha kusukulu, koma kwa mayiyo amalankhula chinenero chomwe iwo akumva. Amakweza kumutu kwa bedi mpaka madigiri 45, ndipo chifuwa amachivundukula pokhapokha akafika pochipima, nsalu ili pafupi.

Asanagwire paliponse, amaima kumiyendo kwa bedi n'kuyang'ana. "Mayiwa akupuma bwino atagona, sakuoneka otuwa, ndipo palibe mpweya wa m'botolo pambali pawo." Kenaka amayang'ana m'manja. Amaona ngati nsonga za zala zatupa ngati timitu ta zibonga, ndiponso ngati pansi pa zikhadabo pali timizere tofiirira tonga zitsotso, zomwe zingaloze ku matenda a tizilombo m'kati mwa mtima. Akapanda kuzipeza amanena kuti palibe, chifukwa kusapezeka kwa chizindikiro ndi nkhaninso.

Pamkono amaika zala pamtsempha wa kumbali ya chala chachikulu. Mtima wa munthu wamkulu wopuma umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi. Ukamagunda mwadongosolo, kuwerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi kumakwana. Koma kwa mayiwa kugundako kukudumphadumpha popanda ndondomeko, ndiye amawerenga kwa nthawi yotalikirapo. Wapeza 48 m'masekondi 30. Akatha kuwerenga, osati ali mkati, amanena kuti: "Mtsempha ukugunda ka 96 pa mphindi, ndipo kagundidwe kake n'kosokonekera." Amaonjeza kuti akadakonda kuyeza bipi, n'kupita kumaso kukaona ngati m'zikope mwayera chifukwa cha kuchepa magazi, ndi pansi pa lilime ngati padera chifukwa cha kuchepa kwa mpweya wabwino m'magazi.

Pakhosi ndi pomwe ambiri amapunthwa. Mtsempha wobweza magazi kumtima wa kumanja kwa khosi uli ngati kapaipi koonetsa madzi a m'thanki: mtima ukamalephera kulandira magazi, mlingo wake umakwera. Wodwala amatembenuzira mutu pang'ono kumanzere, wophunzira n'kuyang'ana pamene kuphethira kwa mtsemphawo kwalekezera. Amayeza choimirira kuchokera pa kafupa kotumphuka ka pamwamba pa chifuwa, ndipo kupitirira masentimita 4 ndiye kuti wakwera. Apa ndi pomwe madigiri 45 aja amagwira ntchito. Munthu akagona chagada mtsemphawo umadzaza ngakhale ali bwinobwino, ndipo akakhala tsonga umabisala kuseri kwa fupa. Kuti asausokoneze ndi mtsempha wopititsa magazi kumutu, amaukanikiza pang'ono: wobweza magazi umaleka kuphethira, winawo umagundabe pachala. Mitsempha yopita kumutuyo saigwira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, kuopa kukomola wodwala. Kwa mayiwa akuti: "Mlingo wa mtsempha wa m'khosi wakwera, uli pa masentimita 5."

Pachifuwa amayamba ndi maso kufuna zipsera za opaleshoni, kenaka dzanja. Nsonga ya mtima imamveka kumanzere, pakati pa nthiti yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, molunjika pakati pa fupa lopingasa la pansi pa khosi. Amawerenga nthitizo ndi zala woyesa akuona, chifukwa nsonga ikasunthira kukhwapa ndiye kuti mtima wakula. Kwa mayiwa ili pamalo pake, koma ikugogoda ngati munthu wogogoda chitseko ndi chala.

Tsopano amavala chida chomvera mtima, ndipo apa pakamwa payenera kutsekeka. Wolankhula chida chili m'makutu amangomva mawu ake omwe. Amamvera malo anayi a mavavu anayi, timazitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo: pansonga paja, m'munsi kumanzere kwa fupa la pakati pa chifuwa, ndi m'mwamba mbali zonse ziwiri pansi pa nthiti yachiwiri. Chala china chimakhala pamtsempha wa m'khosi, kuti adziwe ngati phokoso lachilendo likubwera pamene mtima ukufinya kapena pamene ukudzaza. Kenaka amawapempha: "Mayi, gonerani kumanzere. Pumirani kunja, mugwire mpweya." Ndi mbali yonga kabelu ya chidacho, yomwe imagwira mawu apansipansi, amamva kaphokoso konga bingu lakutali mtima ukamadzaza. Wodumpha sitepe yotembenuza wodwalayi akhoza kuphonya matenda onse. Amawakhazika tsonga, kumveranso kutsogolo, kumvera m'munsi mwa mapapo kumsana ngati muli madzi, n'kumaliza ndi kudina akakolo kuona ngati chala chikusiya dzenje.

Akawafunditsa ndi kuwathokoza, amatembenukira kwa woyesa n'kumanga zonse m'mawu ochepa. "Ndapima mayi wa zaka 28. Mtsempha ukugunda ka 96 mosokonekera, wa m'khosi wakwera, nsonga ya mtima sinasunthe koma ikugogoda, ndipo pansongapo pali phokoso mtima ukamadzaza. Izi zikuloza ku kuchepa kwa khomo la vavu ya mitiralo. Ndikadapempha bipi, isiji ndi sikani ya mtima." Kwa munthu wa msinkhu uwu kuno kwathu, choyamba kuganizira ndi matenda a mtima oyamba ndi zilonda zapakhosi za paubwana zomwe sizinachizidwe ndi penisilini. Thupi polimbana ndi tizilomboto limavulaza mavavu ake omwe, ndipo zipsera zake zimaoneka patapita zaka.

Cholakwa chachikulu pa mayesowa ndi kulakatula zoloweza. Wophunzira wamantha amati "mtsempha ukugunda mwadongosolo" zala zisanakhazikike n'komwe, kapena amapeka phokoso poganiza kuti wodwala wa pa mayeso sangakhale wopanda vuto. Woyesa amakhala atamupima kale munthuyo, ndipo bodzalo amaligwira msanga. Kunena kuti "ndikumva phokoso pansonga ya mtima koma sindinatsimikize nthawi yake, ndiloleni ndimverenso" kumaposa kutchula dzina lalitali la matenda omwe sanawamve. Chizolowezi chimenechi ndi chomwe adzapite nacho kuwodi, komwe usiku wina adzaimbira dokotala wamkulu foni kufotokoza za wodwala amene mkuluyo sakumuona, ndipo mankhwala adzaperekedwa potengera mawu akewo.