Satifiketi yokwerera padenga: kodi olemba ntchito amayang'ana chiyani?

Mmisiri yemwe akufuna ntchito yomanga malo ogona alendo ku Kande kapena ku Chintheche asamadabwe kapitawo akamufunsa mapepala ena kuwonjezera pa a umisiri wake. Awiri omwe amafunsidwa kwambiri kwa makontrakitala akuluakulu ndi a chithandizo choyamba komanso ogwirira ntchito pamwamba.

Gwero lake ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la 1997, lomwe limapereka udindo woteteza antchito kwa wolemba ntchito. Lamulo lina la 2000 limati wovulala pantchito alandire chipepeso. Motero kontrakitala amafuna umboni woti munthu yemwe wamukweza padenga anaphunzitsidwa.

Satifiketi yogwirira ntchito pamwamba imatanthauza kuti mwini wake amadziwa kuyendera lamba wachitetezo asanamuvale, kusankha pomukoleka, ndi kuwerengera danga lomwe lili pansi pake. Pachitatupa ndi pomwe ambiri amalakwitsa.

Mwachitsanzo, mmisiri akufolera nyumba ya udzu m'mbali mwa nyanja, ndipo msonga ya denga ili mamita 5 kuchokera pansi. Wavala lamba, wakoleka chingwe cha mamita 2 pamtanda wa pamsongapo. Akaterereka n'kugwa, chingwecho chimayamba chatambasuka mamita ake awiriwo. Kenako kathumba kochepetsa mphamvu ya kugwa kamasomboka mpaka mamita 1.75. Thupi lake lolendewera limawerengedwa mamita 2, ndipo pamafunikanso mita imodzi yapadera kuti mapazi asafike pansi. Zonse pamodzi ndi mamita 6.75, pamene denga lili ndi mamita 5 okha. Munthuyo akhoza kumenyetseka pansi lamba ali m'thupi.

Wophunzitsidwa bwino amadziwa kuti padenga lalifupi chotere pamafunika chingwe chachifupi chomuletsa kufika m'mphepete, kapena sikafodi yokhala ndi mipiringidzo yotchinga. Amadziwanso kuti nsichi yowonda ya bulugamu kapena paipi yamadzi sipokolekapo chingwe, ndipo lamba yemwe wagwirapo kale munthu wakugwa, kapena ulusi wake wayamba kusosoka, sagwiritsidwanso ntchito. Makwerero nawo ali ndi muyezo: pa mamita 4 aliwonse okwera, tsinde lake litalikire khoma ndi mita imodzi. Kapitawo wochenjera amafunsa zimenezi, ndipo yemwe anangogula pepala amagwidwa pomwepo.

Satifiketi ya chithandizo choyamba imaperekedwa ndi mabungwe monga Malawi Red Cross Society ndi St John. Siifunika kwa aliyense pagulu, koma kontrakitala amafuna kuti pamalo pakhale munthu mmodzi kapena awiri oidziwa ntchitoyi. Ku Usisya, komwe msewu ndi wovuta ndipo ambiri amadalira maboti, wovulala amatha kudikira maola asanafike kuchipatala chachikulu. Wophunzitsidwayo amaletsa anzake kunyamula mwachisawawa munthu wogwa padenga, chifukwa khosi kapena msana zikhoza kukhala zitathyoka. Amapanikiza bala lotaya magazi ndi nsalu yoyera, ndipo ngati munthu wasiya kupuma, amamudina pachifuwa ka 30 n'kumuuzira mpweya kawiri, mobwerezabwereza. Wolendewera palamba naye amafunika kutsitsidwa msanga, poti malamba a m'ntchafu amatchinga kuyenda kwa magazi.

Kwa achinyamata a ku Mpamba ndi ku Chintheche omwe akulinga ku Joni, nkhaniyi ndi yokhwima kwambiri. Malamulo a zomangamanga a dziko la South Africa a 2014 amafuna kuti wantchito akhale ndi kalata ya dokotala yotsimikizira kuti thupi lake lili bwino, ndipo kontrakitala akhale ndi dongosolo lolembedwa loteteza anthu kuti asagwe. Makampani akumeneko kawirikawiri amafuna satifiketi zochokera kumalo ophunzitsira ovomerezeka m'dzikomo, choncho ya kuno sikuti ingalandiridwe nthawi zonse.

Asanalipire ndalama yamaphunziro, mmisiri afunse zinthu zitatu: bungwe lomwe lidzasaine pepalalo, tsiku lomwe pepalalo lidzathe mphamvu, komanso ngati ophunzira amavaladi lamba ndi kuyeserera pachidole chophunzirira. Satifiketi zimenezi zimakhala ndi nthawi yake, ndipo yakutha imakanidwa ngati chiphaso choyendetsera galimoto chakutha. Dzina lilembedwe monga lilili pachiphaso cha unzika, chifukwa kusiyana kwa chilembo chimodzi kumabweretsa chikaiko. Ndi bwinonso kufunsa kaye kontrakitalayo kuti amalandira mapepala a mabungwe ati.

Pepala lenileni lisungidwe kunyumba m'pulasitiki chifukwa cha chinyezi cha kunyanja, ndipo kuntchito kupite fotokope yake.