Kandandalika ka Nyimbo pa Madyerero a Ukwati

Pa madyerero a ukwati ku Malawi, nyimbo zimatsata ndondomeko ya mwambo. Yoyamba ndi yolowera aperekezi. Iyi asankhe aperekezi eni ake, chifukwa masitepe awo anawaphunzira pa nyimbo imeneyo. DJ akaika ina, mzere wonse umasokonekera pakhomo pomwe. Akwati amalowa pambuyo ndi nyimbo yodekha pang'ono, poti diresi lalitali silifuna liwiro.

Perekaniperekani ndiye amadya nthawi yambiri. Gulu lililonse limene MC waitana liyenera kupatsidwa nyimbo yake: akuchikazi, akuchimuna, anzawo a kuntchito. Amayi a kumpingo amadzuka msanga ikalira ya uzimu, azakhali ndi amalume amafuna manganje kapena zakale za Lucius Banda, pomwe amapiyano ayenera kudikira achinyamata. Chizindikiro chakuti nyimbo yatha ntchito n'chapafupi: manja asiya kuponya ndalama, anthu ayamba kubwerera m'mipando. Apo DJ asinthe, ngakhale nyimbo ili pakati.

Podula keke phokoso litsike kuti mawu a MC amveke. Zoziziritsa zachikondi zimabwera kumapeto, ziwiri kapena zitatu basi, akwati akutuluka, chifukwa holo yobwereka imakhala ndi ola lotsekera.